Envelopu ya kaki: kupereka malikisi pa ulendo wa teremu yonse

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya kuntchito kwanga, koma ndikudziwa kuti ikukhudzani nonse, chifukwa aliyense wa ife analembapo chinthu n'kumadikira kuti wina amuuze ngati chili bwino. Funso langa ndi ili: mwapatsidwa zolemba zonse za mwana mmodzi za teremu yathunthu, kuyambira sabata yoyamba mpaka yomaliza, ndipo mukuyenera kupereka malikisi. Mupereka malikisi pa chiyani? Pa pomwe mwanayo wafika, kapena pa mtunda womwe wayenda?

Ine ndimaphunzitsa Chichewa ku Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera. Anzathu akupulayimale mawu oti potifoliyo anawazolowera kale, makamaka chiyambire silabasi yomwe inayamba mu 2007, yomwe imafuna kuti mwana aziyesedwa nthawi zonse akamaphunzira, osangodikira mayeso otsekera teremu. Mawuwo akumveka apamwamba, koma potifoliyo ya m'kalasi mwanga ndi envelopu ya kaki basi, yaikulu yolowa pepala osalipinda. Mwana aliyense ali ndi yake, dzina lili pamwamba, ndipo imagona mukabati kusukulu. Siipita kunyumba, chifukwa kunyumba kuli mvula yodontha, mbewa, ndi ang'ono ake ofuna pepala lokulungira mandasi.

Teremu ikamatha, mu envelopumo mumayenera kupezeka zinthu zisanu ndi chimodzi. Muli chimangirizo cha sabata yoyamba, cholembera m'kalasi ine ndili pomwepo. Muli kalata yantchito, ndakatulo ndi nthano yaifupi, chilichonse cholembedwa kawiri: koyamba, ndi kachiwiri atalandira ndemanga zanga. Muli chimangirizo cha sabata yomaliza, cholemberanso m'kalasi, pa mutu wofanana kulemera kwake ndi woyamba uja. Chomaliza ndi tsamba lodziunika, pomwe mwana amafotokoza yekha momwe wayendera. Pepala lililonse ndimalisainira ndi kulemba deti tsiku lomwe lalowa mu envelopu. Sungani mfundo ya detiyi, tikumana nayo kutsogoloku.

Malikisi onse ndi 40, ndipo ndimawagawa panayi. Pomwe mwana wafika pamapeto, 16. Kukula kwake, 12. Kudziunika, 8. Kukwanira kwa zinthu mu envelopu, 4. Tiyeni tiyende nawo magawowa limodzilimodzi, ndipo kuti zimveke ndikuonetsani ana awiri a m'kalasi imodzi, mtsikana ndi mnyamata. Mayina ayi, mundikhululukire, ndi ana a eni.

Gawo la pomwe wafika ndi lomwe aphunzitsi tonse tinalizolowera. Ndimayang'ana zinthu zinayi: mfundo zake, kasanjidwe ka ndime, chiyankhulo chomwe wasankha, ndi kalembedwe, kutanthauza malamulo a kalembedwe ka mawu pamodzi ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Chilichonse chimapeza kuyambira 1 mpaka 4. Mwana akapeza 1 ndiye kuti akufunika thandizo lalikulu, akapeza 4 ndiye kuti wachita bwino kwambiri. Ndimachonga ntchito ziwiri zokha pa gawoli: chimangirizo chomaliza cha m'kalasi, ndi ntchito imodzi yomwe mwanayo wasankha yekha kuti ndiyo yabwino kuposa zonse. Ndimaphatikiza malikisi awiriwo n'kugawa pawiri.

Mtsikana uja pa sabata yoyamba anapeza 6 pa 16. Analemba tsamba limodzi ndi theka lopanda ndime, chiganizo chimodzi chotalika ngati msewu wa M1, cholumikizidwa ndi "ndiye", "ndiye", "kenako". Pamapeto a teremu anapeza 9 pa chimangirizo cha m'kalasi ndi 11 pa ndakatulo yomwe anasankha, zomwe zikupereka 10. Mnyamata uja pa sabata yoyamba anapeza 13. Pamapeto anapeza 14 ndi 14. Palibe angatsutse, mnyamatayu amalemba bwino kuposa mtsikanayu, ndipo gawo ili likunena zomwezo mosabisa.

Tsopano gawo lovuta, la kukula. Njira yomwe imabwera msanga m'mutu ndi yochotsera: malikisi omaliza kuchotsera oyamba. Mtsikana wakwera ndi 4, mnyamata wakwera ndi 1, nkhani yatha. Koma taiganizireni bwino njira imeneyi. Mwana woyambira pa 13 wangotsala ndi masitepe atatu kuti agunde denga, pomwe woyambira pa 6 ali ndi masitepe khumi. Ndiye kuti mukumulanga mwana chifukwa anabwera akudziwa kale. Chinanso, ana athuwa ndi ochenjera. Akangodziwa kuti malikisi akuchokera pa kuchotsera, teremu yotsatira mudzaona akatswiri onse akulemba zachibwana pa sabata yoyamba kuti adzaoneke ngati akula kwambiri.

N'chifukwa chake ine kukula ndimakuyeza ndi zolinga zitatu za mwana aliyense payekha. Ndikachonga chimangirizo choyamba, ndimalemba mkati mwa envelopu zinthu zitatu zomwe mwanayo alimbane nazo teremu imeneyo, ndipo naye amasainira. Zolingazo zimachokera pa pomwe iye ali. Wofooka amalandira za msinkhu wake, wamphamvu amalandiranso za msinkhu wake, ndiye aliyense ali ndi phiri loti akwere.

Cholinga chilichonse chimapeza kuyambira 0 mpaka 4, ndipo makwerero ake ndi awa. Ngati palibe chasintha, 0. Ngati wakonza pokhapo pomwe ine ndinadula mzere ndi cholembera chofiira, 1, chifukwa pamenepo maso ndi anga, iye wangobwereketsa dzanja. Ngati wakonza vutolo mu ntchito yonseyo, ngakhale pomwe ine sindinadule mzere, 2, chifukwa wayamba kuliona yekha. Ngati mu ntchito ina yatsopano, yolemba ali ndi nthawi yokwanira, vutolo silikuonekanso, 3. Ngati silikuoneka ngakhale mu chimangirizo chomaliza cha m'kalasi, chopanda womuthandiza komanso nthawi ikuthamanga, 4. Pamenepo ndiye kuti lusolo lakhala lake.

Kuti makwererowa agwire ntchito, mphunzitsi amayenera kudziletsa pochonga. Vuto likaoneka kakhumi pa tsamba, ine ndimadula mizere itatu yokha yoyambirira, zinazo n'kuzisiya dala. Mukadula mzere paliponse, simungasiyanitsenso mwana wa 1 ndi mwana wa 2, chifukwa simunamusiyire malo oti aonetse maso ake.

Zolinga za mtsikana uja zinali izi: kugawa nkhani m'ndime, kumaliza chiganizo ndi mpumiro, ndi kusiyanitsa l ndi r. Lamulo la kusukulu pa zilembo ziwirizi mukulikumbukira: pambuyo pa e ndi i timalemba r, monga kulera ndi kulira, pomwe pambuyo pa a, o ndi u timalemba l, monga kulola ndi kugula. Pa ndime anapeza 4, chifukwa chimangirizo chake chomaliza chinali ndi ndime zisanu, iliyonse ndi mfundo yake. Pa mpumiro anapeza 3. Nthano yake yolemba modekha inali ndi ziganizo zopumira bwino, koma mu chimangirizo chomaliza, tsamba lachiwiri, nthawi itayamba kumuthera, "ndiye, ndiye" uja anabwerera. Pa l ndi r anapeza 2. Kalata yake yachiwiri anaikonza yonse mpaka pomwe ine sindinakhudze, koma mu nthano yomwe inabwera pambuyo pake munali "kulila" kawiri. Zonse pamodzi 9 pa 12.

Zolinga za mnyamata uja zinali za munthu wodziwa kale kulemba. Choyamba, miyambi. Iye amaiunjika ngati nkhuni: safunsa anadya phula, mutu umodzi susenza denga, pang'onopang'ono ndi mtolo, yonse m'ndime imodzi, mpaka nkhani n'kusowa popumira. Ndinamupempha mwambi umodzi wogwira ntchito pamalo pake. Chachiwiri, mathero. Nkhani yake yoyamba inatha ndi munthu kudzidzimuka n'kupeza kuti anali maloto, njira yothawira ya wolemba amene wasowa pomalizira. Chachitatu, zoyankhula za ampangankhani. Mwana wa zaka zisanu, agogo, kondakitala wa minibasi, onse ankayankhula mofanana ngati akuwerenga nkhani pa wailesi.

Pa miyambi anapeza 1, chifukwa mu nthano yachiwiri anachotsa itatu yokha yomwe ndinadula mzere, ina inayi n'kuisiya. Pa mathero anapeza 0. Chimangirizo chomaliza, mukhulupirire, chinathanso ndi maloto. Pa zoyankhula anapeza 2, chifukwa mu nthano anakonza bwino ndithu, kondakitala anayamba kumveka ngati kondakitala, koma mu ntchito zotsatira munalibe munthu woyankhula, ndiye umboni wa 3 kapena 4 panalibe. Zonse pamodzi 3 pa 12. Mwaona kuti denga silinamutchinge. Malikisi khumi ndi awiri onse anali potsegula kwa iye monga momwe analili kwa mnzake.

Tifike pa tsamba lodziunika, pomwe aphunzitsi ambiri timakopeka ndi mawu okoma. Mukangomuuza mwana kuti "lemba zomwe waphunzira teremu ino", mudzalandira kalata yothokoza. Adzalemba kuti waphunzira zambiri, kuti aphunzitsi ndi abwino, kuti Mulungu awadalitse. Mtima umakoma, eya, koma pamenepo palibe choti muchonge. Ine ndimapereka mafunso anayi okhazikika. Kodi chofooka chinali chiyani mu ntchito yako yoyamba? Wasintha chiyani, ndipo tingachione pa tsamba liti? N'chiyani chomwe chikukukanikabe? Wasankha ntchito iti kuti ndiyo yabwino kwambiri, ndipo chifukwa chiyani?

Funso lililonse lili ndi malikisi awiri. Yankho la chisawawa, loti aliyense m'kalasi akhoza kulemba, limapeza 0. Yankho lotchula chinthu chenicheni limapeza 1. Yankho lotchula chinthucho, n'kuloza tsamba ndi ndime, ndipo ine nditatsegula n'kupeza kuti n'zoona, limapeza 2. Choncho tsamba lodziunika sindiliwerenga palokha. Ndimaliika kudzanja lamanzere, ntchito zinazo kudzanja lamanja, n'kumatsegula paliponse pomwe mwana waloza. Pa tsamba limeneli sindichotsa malikisi chifukwa cha kalembedwe kolakwika. Zimenezo zayezedwa kale mu gawo loyamba, ndipo kumudula mwana kawiri pa mlandu umodzi si chilungamo.

Mtsikana uja pa funso lachitatu analemba motere: "L ndi r zikundivutabe. Mu nthano, tsamba 2, ndalemba kulila kawiri. Ndikamalemba mofulumira ndimalemba mmene ndimayankhulira." Ndinatsegula tsamba 2, ndinapeza "kulila" kawiri. Malikisi awiri athunthu. Taonani bwino apa: mwanayu wapeza malikisi onse pofotokoza chinthu chomwe chamulepheretsa. Zimenezi ndimawauza ana teremu isanayambe, kuti kunena zoona za kufooka kwako kumalipira, chifukwa akapanda kudziwa amabisa, ndipo tsamba lonse limasanduka lodzitamandira. Pa mafunso awiri oyamba analozanso masamba molondola. Pa lachinayi anangoti wasankha ndakatulo chifukwa mizere yake ikumveka ngati nyimbo, osaloza mzere uliwonse, ndiye anapeza 1. Zonse pamodzi 7 pa 8.

Mnyamata uja anavomera kuti miyambi inachuluka, osaloza pomwe inachuluka. Anapeza 1. Pa funso lachiwiri analemba kuti wasintha zambiri. Zambiri zake ziti? 0. Pa lachitatu analemba kuti palibe chomuvuta. Envelopu yake yomwe inamutsutsa, 0. Pa lachinayi anasankha nthano chifukwa anthu ake akuyankhula bwino, zomwe zinali zoona, koma sanaloze, 1. Zonse pamodzi 2 pa 8, ngakhale tsamba lake linali la Chichewa chosalala kuposa la wina aliyense m'kalasimo. Chikomekome cha mkuyu.

Gawo lomaliza, la kukwanira, n'lophweka. Zimangirizo ziwiri za m'kalasi zikakhalapo, 1. Kalata yolembedwa kawiri, 1. Ndakatulo kawiri, 1. Nthano kawiri, 1. Mtsikana anapeza 4. Mnyamata anapeza 2, chifukwa kalata yoyamba ndi ndakatulo yoyamba anazichotsa mu envelopu n'kuzitaya. Ankachita manyazi ndi inki yofiira, ndipo ankafuna envelopu yaukhondo. Koma mu potifoliyo pepala lodetsedwa lija ndilo mboni. Popanda ilo, ntchito yachiwiri ilibe choyerekezera.

Tiwonkhetse. Mtsikana: 10, 9, 7 ndi 4, zonse 30 pa 40. Mnyamata: 14, 3, 2 ndi 2, zonse 21 pa 40. Wolemba bwino kuposa onse m'kalasi watsalira ndi malikisi asanu ndi anayi kumbuyo kwa mwana amene akulembabe "kulila". Ndikudziwa ena mwa inu mwagwedeza kale mitu.

Bambo ake aang'ono a mnyamatayu, omwe amamulipirira fizi, nawonso anagwedeza mutu, mpaka anabwera kusukulu. Anayankhula mwaulemu koma nkhope itakwinya. "Aphunzitsi, mwanayu kunyumba ndiye amatilembera makalata tonse. Zatheka bwanji kuti apose ndi anzake pa Chichewa?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, mwana wanu kulemba amatha, ndipo taonani apa, pa gawo la luso wapeza 14 pa 16, palibe womuposa." Kenako ndinayala patebulo chimangirizo cha sabata yoyamba ndi cha sabata yomaliza, n'kuwapempha kuti awerenge ndime zomalizira zokha. Anawerenga yoyamba, anawerenga yachiwiri, anamuyang'ana mwanayo n'kufunsa kuti, "Iwe, anthu ako onse amangolota?" Sindinganene kuti anachoka atakondwa. Anafunsa funso lina lomwe lili ndi nzeru, loti kodi pa mayeso a Fomu 4 adzafunsa za kukula kwa mwana?

Yankho ndi ayi, ndipo apa ndi pomwe pali malire a njira imeneyi. Ochonga mayeso a MANEB sadzaona envelopu. Adzaona pepala la tsiku limenelo basi, ndipo pa pepala limenelo mnyamatayu akhoza kumuposa mtsikanayu. Choncho nambala ya 30 ikhoza kumunamiza mtsikana kuti wakonzeka, pomwe 10 pa 16 ikunena kuti ulendo ukadalipo. Nambala ya 21 nayo ikhoza kumugwetsa mphwayi mnyamata ngati aiona yokha. N'chifukwa chake sindilemba nambala imodzi pa envelopu. Ndimalemba zonse zinayi, iliyonse ndi dzina lake, kenako chiwonkhetso. Ndipo gawo la pomwe wafika ndinalipatsa malikisi ambiri kuposa gawo lina lililonse mwadala, kuti khama lisaphimbe luso. Mayeso otsekera teremu nawo amakhalapobe pambali, akuyeza luso lokhalokha. Envelopu imayankha funso lina, lomwe mayeso sangayankhe: kodi masabata onsewa mwanayu wachita nawo chiyani?

Tsopano za chinyengo, chifukwa chilipo. Choyamba ndi ntchito yolembedwa ndi mkulu wake wa ku Fomu 4 kapena msuweni wa kukoleji. Chizindikiro chake chili mu gawo loyamba lija. Ntchito yosankha yekha ikaposa ya m'kalasi ndi malikisi awiri, monga 11 ndi 9 za mtsikana uja, n'zomveka, munthu amalemba bwinoko akakhala ndi nthawi. Koma ikaposa ndi asanu kapena kupitirira, ndimamuitana mwana tikambirane mphindi ziwiri. Sindimuimba mlandu. Ndimangoloza liwu limodzi lozama n'kufunsa tanthauzo lake, kapena kufunsa chifukwa chomwe ndime iyi yabwera isanabwere inayo. Mwini ntchito amayankha ngakhale mokakamira. Wobwereka amayang'ana kudenga.

Chachiwiri ndi kulemba chobwerera m'mbuyo. Mwana amalemba ntchito yabwino usiku umodzi, kenako n'kupanga ina yolakwika dala kuti ikhale ngati yoyamba. Apa ndi pomwe deti ndi siginecha zija zimagwira ntchito, chifukwa pepala lopanda siginecha yanga siliwerengedwa ngati loyamba. Komanso zolakwa zopanga dala zimadziwika. Zimakhala za kalembedwe kokha, chilembo chosowa apa, mpatuliro wosowa apo, pomwe mfundo ndi ndime zili chimodzimodzi m'mapepala onse awiri. Ntchito yoyamba yeniyeni imasiyana ndi yachiwiri m'maganizo: ndime yasamuka, mfundo ina yatayidwa, mathero asintha.

Koma mdani wamkulu wa chilungamo pa ntchito imeneyi ndi wochonga yemwe. Envelopu 64, iliyonse mphindi 15, ndi maola 16. Munthu amene akuchonga envelopu ya nambala 50 si yemwe uja anachonga yoyamba, watopa, ndipo malikisi ake ayamba kuunjikana pakatikati. Palinso kukopeka ndi zolemba zokongola, kapena envelopu yojambulidwa maluwa, kapena dzina la mwana amene mumamudziwa kuti ndi wanzeru. Ine ndimadziteteza m'njira zitatu. Makwerero a kukula ndimalemba teremu ili mkati, tsiku lomwe ntchito yachiwiri yalowa, kuti pamapeto ndingotsala ndi kutsimikiza. Pochonga pamapeto ndimayenda gawo limodzi m'maenvelopu onse ndisanayambe gawo lina, kuti 14 wa gawo loyamba asandinong'oneze pomwe ndikuchonga tsamba lodziunika. Ndipo ndisanayambe ndimasankha ntchito zitatu, yofooka, yapakati ndi yamphamvu, n'kuziika pambali ngati miyala ya sikelo. Ndikayamba kukayika ndimabwerera kwa izo.

Pamwamba pa izi ndimatenga maenvelopu asanu ndi limodzi n'kupatsa mphunzitsi mnzanga kuti achonge osaona malikisi anga. Tikasiyana ndi malikisi awiri pa 40, palibe nkhani. Tikasiyana ndi opitirira anayi, timakhala pansi n'kufufuza gawo lomwe tasiyanirana. Kawirikawiri limakhala la kukula, pakati pa 2 ndi 3, ndipo funso lomwe limathetsa mkangano ndi lakuti: kusinthaku kwaoneka mu ntchito yomweyo, kapena mu ntchito yatsopano? Tikagwirizana, ndimabwerera ku maenvelopu ena onse kukaona ngati malo omwewo ndinachonga mofanana.

Pali nkhani inanso yomwe simungaithawe kumudzi kuno, ya mwana amene envelopu yake ili ndi mipata. Wina anadwala malungo masabata awiri, wina anabwezedwa chifukwa cha fizi, wina anali ku maliro. Kusowa kwa pepala chifukwa cha zimenezi n'kosiyana ndi kutaya pepala chifukwa cha manyazi kapena ulesi, ndipo kaundula wa m'kalasi amandiuza kusiyanako. Wodwala ndimamupatsa mpata wolemba ntchito yomwe inamudutsa, ndipo kukula kwake ndimakuyeza pa ntchito zomwe zilipo. Pepala nalo sindisankha. La m'kope, la kumbuyo kwa mayeso akale, lililonse lolembeka limalowa. Tsiku lomwe mudzayambe kupereka malikisi pa kukongola kwa pepala, mudzakhala mukuchonga matumba a makolo.

Mwina mukuti, ife si aphunzitsi, izi zitithandiza chiyani? Ambiri muno mumalemba ndakatulo ndi nthano, ndipo chomwe mumayezera ntchito yanu ndi kuchuluka kwa anthu omwe akuyamikirani. Kuyamikira kumayeza pomwe mwafika, ndipo nthawi zina kumangoyeza kuchuluka kwa anzanu. Tayesani envelopu yanuyanu kwa miyezi itatu. Tengani ndakatulo yanu ya lero, mupatse munthu mmodzi wosakunyengererani kuti akutchulireni zofooka zitatu, mulembe deti, ndipo musataye pepala lililonse lofufutafufuta. Miyezi itatu ikatha, lembani ndakatulo yatsopano pa nthawi imodzi osafunsa aliyense, muiike pambali pa yoyamba ija, muyende ndi makwerero aja a 0 mpaka 4. Kenako muyankhe funso lachitatu lija, la chomwe chikukukanikanibe, moloza mzere.

Aphunzitsi anzanga muli muno, a Chichewa, a Chingerezi, ngakhale a masamu, ndikufuna ndimve kwa inu pa mfundo imodzi: kodi 16 wa luso ndi 12 wa kukula mukuona kuti zalingana bwino, kapena inu mukanagawa motani? Makolo nanunso, mwana wanu atabwera ndi 21 uja, inu mukanati bwanji?